Kalata yoitanira ana ku patitaimu: lembani zimene kholo lingathe kutsimikiza lokha

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera kuti: "Ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi koma ntchito sindinaipeze, ndiye ndayamba patitaimu ya masamu a Fomu 2 ndi Fomu 4. Ndinamata mapepala akuti 'Bweretsani ana, onse adzakhoza', koma mwezi watha ndipo abwera ana atatu okha. Ndilembe bwanji kuti makolo andikhulupirire?"

Aphunzitsi, yambani ndi kufufuta mawu akuti onse adzakhoza. Mayeso a JCE ndi MSCE amachonga ndi a MANEB, ndipo kholo lililonse likudziwa kuti inu mulibe dzanja kumeneko. Likaona lonjezo lotere limangoti awa akufuna ndalama basi. Lembani zinthu zimene kholo lingabwere kudzaona ndi maso: dzina lanu lonse, koleji imene munaphunzira, malo enieni, chiwerengero cha ana m'kalasi, mtengo, ndi nthawi.

Pa nthawipo ndipo ambiri timaphonya. Ineyo nditayamba ndinkangolemba kuti "madzulo akaweruka". Tsiku lina mayi wina anafika atanyowa ndi chiperoni, tochi ili m'manja, kudzafuna mwana wake wamkazi amene ndinamuchedwetsa chifukwa samu imodzi inatikanika. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mumaweruka nthawi yanji?" Ndinalibe yankho, ndipo mwanayo sanabwerenso. Kholo limayang'ana kwambiri nthawi yoweruka kuposa yoyambira, chifukwa likufuna kudziwa kuti mwana afika pakhomo kusanade. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kuno dzuwa limalowa itangodutsa 5 koloko, ndiye mwana woyenda theka la ola m'tinjira ta m'minda ya tiyi ayenera kunyamuka isanapitirire 4:30. Muyambe mwafunsa nthawi imene sukulu zapafupi zimaweruka, muwonjezepo nthawi yoyenda ndi yodya, kenako ikani ola limodzi ndi theka. Kupitirira apo mwana amene wakhala m'kalasi chiyambire m'mawa amangosinza.

Samalaninso ndi Loweruka. Ku Thyolo kuli a Sabata ambiri, mishoni ya Malamulo ili konko ku Makwasa, ndiye phunziro lalikulu mukaliika Loweruka m'mawa mwatsekera kunja mabanja ambiri musanalankhule nawo n'komwe. Lamulungu masana limakomera mbali zonse.

Uthengawo ungakhale wotere, ndipo mtengo ndangoika wachitsanzo:

"Makolo olemekezeka, ndine Mayi Uje, mphunzitsi wa masamu. Ndikuphunzitsa Fomu 2 Lolemba ndi Lachitatu, 3:00 mpaka 4:30 masana, ndipo Fomu 4 Lachiwiri ndi Lachinayi nthawi yomweyo. Kubwereza mapepala a mayeso akale ndi Lamulungu, 2:00 mpaka 4:00. Timakumana m'holo ya tchalitchi chakutichakuti, chitseko chili chotsegula. Gulu lililonse silipitirira ana 12. Mtengo ndi K10,000 pa mwezi, ndipo ndimapereka lisiti. Sabata yoyamba ndi yaulere, bwerani mudzakhale kumbuyo mumve mmene ndimaphunzitsira. Mwana akajomba ndikuimbirani tsiku lomwelo. Ine ndikajomba, phunzirolo ndidzabweza."

Mwa mawu onsewo, amphamvu kwambiri ndi akuti mwana akajomba ndikuimbirani. Bambo amene watchola tiyi tsiku lonse ku esiteti ali ndi nkhawa imodzi: ndalama watulutsa, koma kodi mwana akufikadi, kapena akuthera ku vidiyo pa msika? Gulani kope lakelake loitanira mayina, ndipo foniyo muziimbadi. Mukalemba koma osachita, nkhani idzafala msanga kuposa mapepala anu.

Za malipiro, funsani makolo tsiku limene amalandira, popeza ambiri a m'maesiteti amalandira pa fotinaiti, ndiye aloleni kupereka kawiri pa mwezi. Akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lotuluka pa foni likhale lomwe lili pa pepala. Likatuluka la amuna anu kapena la mchemwali wanu, kholo limayamba kukayika.

Mapepala a pamtengo amangothandiza pang'ono. Pitani kaye kwa amfumu mukadzidziwitse, pemphani kuti uthengawo ulengezedwe ku tchalitchi ndi ku mzikiti, ndipo mukaonekere ku banki m'khonde kumene amayi amakumana. Makolo a ana atatu muli nawowo musawaiwale: pakutha pa mwezi atumizireni kapepala kosonyeza mutu umene mwana waumvetsa ndi umene ukumuvutabe, mwachitsanzo kuti mafulakishoni wayamba kuwatha koma aljebura adakali kumbuyo. Ngati avomera, apempheni kuti kholo latsopano lizitha kuwafunsa za inu. Koma dzina la mwana kapena malikisi ake musaike pa WhatsApp popanda chilolezo cha makolo ake.