Sheya yodula sikutanthauza kampani yaikulu: za maketi kapu ndi kopezera manambala ake

"Bwana, tinatsutsana ndi anzanga ku ntchito. Iwo akuti Press Corporation ndi yaikulu kuposa Airtel chifukwa sheya yake imodzi ndi masauzande pamene ya Airtel ndi yotchipa kwambiri. Ine ndinamva zoti amayang'ana maketi kapu koma sindinathe kuwafotokozera. Ndi chani kwenikweni chimenechi, nanga ndingaone kuti kuti kampani yakuti ili nambala chani panopa?"

Achimwene, anzanuwo ayang'ana theka la samu basi. Mtengo wa sheya imodzi paokha sukuuzani kanthu za kukula kwa kampani, chifukwa kampani iliyonse inadzigawa mosiyana, ina tizidutswa tambirimbiri ina zidutswa zochepa. Mbuzi imodzi mutha kuidula magawo folo kapena magawo handiredi, gawo la pa foloyo lidula ndithu koma mbuzi ndi yomweyo.

Maketi kapu ndi mtengo wa kampani yonse malinga ndi mmene msika ukuonera tsiku limenelo, ndipo samu yake ndi kuchulukitsa kamodzi kokha: mtengo wa sheya imodzi, kuchulukitsa ndi nambala ya masheya onse amene kampaniyo inatulutsa. Onse, kuphatikiza amene eni ake akuluakulu anangowasunga osagulitsa.

Tiyeni titenge Airtel Malawi yomweyo. Inalowa pa Malawi Stock Exchange mu 2020, ili ndi masheya 11 biliyoni, ndipo polowapo sheya imodzi imagulitsidwa K12.69. Mukachulukitsa 11 biliyoni ndi K12.69 mupeza pafupifupi K139.6 biliyoni, imeneyo ndiye inali maketi kapu yake pa mtengo wolowera. Koma taonani, anthu wamba anagulitsidwa masheya 2.2 biliyoni okha, 20 peresenti, zomwe zinabweretsa ndalama pafupifupi K27.9 biliyoni, enawo anatsala mmanja mwa kampani yaikulu ya Airtel. Ndiye manambala awiriwa musawasokoneze, K27.9 biliyoni ndi zimene anthu anatulutsadi mthumba, K139.6 biliyoni ndi mtengo wa kampani yonse titati tiwerengere sheya iliyonse pa mtengo umenewo.

Tsopano Press Corporation. Iyo ili ndi masheya pafupifupi 120 miliyoni. Miliyoni, osati biliyoni. Ndikupatsani mitengo yongoyerekeza kuti samu ioneke, si mitengo ya lero ayi: tinene kuti Press ili pa K2,500 sheya imodzi, Airtel ili pa K100. Press ikhala 120 miliyoni kuchulukitsa K2,500, ndi K300 biliyoni. Airtel ikhala 11 biliyoni kuchulukitsa K100, ndi K1.1 thiriliyoni. Sheya ya Press yadula ka 25, koma Airtel yaiposa pafupifupi kanayi. Pa manambala a masheya amenewa, kuti awiriwa afanane sheya ya Press iyenera kudula kuposa ya Airtel pafupifupi ka 92, ndiye mukatenga mitengo ya lero ingogawani muone ngati yafika pamenepo, mkangano wathera pompo.

Kopezera manambala nkosavuta. Lowani pa mse.co.mw, webusaiti ya Malawi Stock Exchange, pamene amaika mitengo ya makampani onse komanso malipoti a msika, a pa sabata ndi a pa mwezi. Mu lipotimo muli tebulo la makampani, aliyense ndi chidule cha dzina lake, ngati PCL ya Press Corporation, AIRTEL, NBM, STANDARD, FMBCH, ILLOVO, TNM, NICO. Fufuzani mzere wolembedwa Market Cap kapena Market Capitalisation, ndipo yang'anani pamwamba pake ngati manambalawo ali mu mamiliyoni, chifukwa apa mpamene ambiri amagwa, munthu amaona 300,000 nkumati kampani yonse ndi K300,000 yogulira foni pamene akutanthauza mamiliyoni 300,000, omwe ndi K300 biliyoni. Mabuloka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, ngati Stockbrokers Malawi, Continental Capital ndi Cedar Capital nawonso amatulutsa malipoti otere kwa makasitomala awo, ngati muli ndi akaunti kumeneko apempheni azikutumizirani pa imelo.

Za nambala wani, nambala thu, ine ndimakonda kudzipangira ndekha. Makampani a pa msika wathu ndi ochepa, safika ndi makumi awiri omwe, ntchito ya mphindi zochepa pa Excel kapena Google Sheets. Kuyambira mzere wachiwiri, dzina mu A, mtengo mu B, nambala ya masheya mu C, kenako mu D2 ndi E2 mulembe izi nkukokera pansi:

```
=B2*C2
=RANK(D2,D$2:D$20)
```

Mawa lake mumangosintha mitengo mu B, mndandanda umadzikonza wokha. Ndipo lembani deti pamwamba, chifukwa mndandanda wopanda deti ndi wabodza, kampani yomwe inali pamwamba chaka chatha lero mwina ili pa nambala folo. Nkhani za mu nyuzi zakale kapena zoyendayenda pa WhatsApp musazidalire pa zimenezi.

Nambala ya mu C sisinthasintha ngati mtengo koma imasintha ndithu. Kampani ikagulitsa masheya atsopano kwa amene ali nawo kale, ikapereka masheya a bonasi, kapena ikaduladula sheya imodzi kukhala zingapo, nambala yakale ija yatha ntchito. Chizindikiro chake nchakuti samu yanu imasiyana kwambiri ndi ya mu lipoti, kapena mumaona mtengo wagwa tsiku limodzi kuchoka K5,000 kufika K1,000 popanda nkhani yoipa iliyonse, nthawi zambiri ndiye kuti sheya imodzi aiduladula kukhala zisanu, maketi kapu sinasinthe olo pang'ono. Nambala yolondola muipeza mu lipoti la pachaka la kampaniyo, pamene alemba shares in issue kapena issued shares. Musatenge ya authorised, imeneyo ndi malire chabe amene kampani inaloledwa kutulutsa.

Mukasaka pa Google samalani ndi maina. Airtel Africa ili pa msika wa ku London, Standard Bank Group ili ku Joni, amenewo ndi makolo, si makampani a kuno ayi. Ku London mitengo yambiri amailemba mu mapeni, ku Joni mu masenti, mukaiwala kugawa ndi 100 kampani mwaikulitsa ka 100.

China chimene ndimafuna anthu azichimvetsa ndi chakuti maketi kapu si ndalama zimene zili mu akaunti ya kampani, sinena za phindu, ndipo ngongole za kampani simo. Pa msika ngati wathu umene masheya ambiri anangogwidwa ndi eni ake ndi mabungwe a penshoni, ogulitsa amasowa, ndiye munthu mmodzi akagula timasheya tochepa pa mtengo wokwera, mtengo umenewo umachulukitsidwa ndi masheya onse. Airtel ikakwera ndi K1 yokha, maketi kapu yakwera ndi K11 biliyoni pa pepala, olo amene anagulayo anangotulutsa K200,000. Nchifukwa chake ine ndikaona kampani yadumpha pa mndandanda ndimathamangira kaye pa mzere wa Volume kukaona kuti masheya angati anagulitsidwadi sabata imeneyo.

Komanso mukafuna kufanizira ndi makampani a ku Lusaka kapena ku Nairobi, sinthani zonse zikhale mu madola pa reti ya tsiku lomwelo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inafika cha mma K1,700, makampani athu mu kwacha amaoneka chimodzimodzi mmawa mwake koma mu madola onse anali atachepa usiku umodzi. Anzanu aja apatseni foni achulukitse okha za Press ndi Airtel ndi mitengo ya sabata ino, mundilembere zomwe apeze.