Apongozi aakazi anasanduka bambo mu lipoti

Funso: "Ndikumasulira nkhani ya munthu kupita m'Chingerezi. Paliponse akungoti 'anandiuza', 'anabwera'. Ndilembe he kapena she?"

Achimwene, musalote, ndapota nanu. Ine zinandionekera ndikumasulira zojambula mawu za bungwe lina. Mayi wamasiye amafotokoza kuti maliro atangotha, apongozi anabwera n'kumuthamangitsa panyumba, mlamu n'kuzula malata. Apongozi atiwo, aamuna kapena aakazi? Sananene. Ndinamvetsera tepi yonse mpaka kumapeto, pomwe anati "apongoziwo anakwatiwanso kutsidya". Basi, anakwatiwa, osati anakwatira. Ndinalemba she. Za mlamu panalibe pogwira, ndiye ndinasiya he/she n'kulemba pambali kuti tikawafunse mayiwo.

Bwana wathu, munthu woti Chichewa amangodziwa "zikomo", anasintha zonse n'kuika he, ati olanda chuma chamasiye amakhala amuna. Osandifunsa ngakhale pafoni! Lipoti linakawerengedwa kumudzi, womasulira wa tsikulo n'kubweza m'Chichewa kuti "apongozi aamuna", pamaso pa amfumu. Mkuluyo, apongozi aamuna enieniwo, ali pomwepo, chipewa m'manja, yemwe anamusunga mayiyo ndi ana m'nyumba mwake nthawi ya mavutoyo. Anangoimirira n'kufunsa kuti "Ine?" Mayiyo kulira, kulumbira kuti sananene zimenezo. Anthu onse maso pa ine. Bwana uja anangoti "vuto la womasulira", n'kukakwera galimoto. Mpaka lero ndikamuganiza mtima umawawa.

Ndiye musanalembe, werengani nkhani yonse kaye mukusaka zizindikiro. Kukwatira ndi kukwatiwa ndatchula kale. Malume ndi mwamuna, zakhali ndi mkazi, pamenepo palibe vuto. Nabanda kapena Naphiri ndi mayi. Koma "mlongo wanga" muyambe mwadziwa amene akuyankhula: akakhala mwamuna ndiye akunena mkazi, akakhala mkazi akunena mwamuna. "Mkulu wanga" ndi "mng'ono wanga" kawirikawiri amakhala ofanana ndi woyankhulayo. Mayina ngati Chisomo, Mphatso, Chikondi musawakhulupirire n'komwe.

They wa munthu mmodzi amaloledwa m'Chingerezi, koma kwa ife amasokoneza, chifukwa "iwo" wathu waulemu amafanana kale ndi wa gulu. Mukalemba they pa apongozi, wowerenga aganiza kuti anabwera banja lonse. Bola kubwereza dzina kapena udindo wa munthuyo, ngakhale chiganizo chilemere.

Zikakanika, siyani he/she ndi kachidziwitso pambali, mufunse mwini nkhani. Komatu kunena zoona, mpata woterowo ndi umene anthu ngati bwana uja amalowerapo, ndiye mukaona kuti mbali imodzi ikulemera ingosankhani, musasiye poti wina adzadzaze. Ndipo sungani kope lanu loyamba pa imelo, lokhala ndi deti.