Fulakishoni yokhala ndi mafulakishoni ena m'kati: chulukitsani zonse ndi LCM imodzi

"Akuluakulu ndithandizeni, ndikukonzekera mayeso a MSCE. Samu iyi yandizunguza mutu: pamwamba pali 1/x − 1/3, pansi pali 1 − 9/x². Anatiuza kuti tizichulukitsa ndi LCM. Ine ndapeza (3x − x²)/(−26) koma mnzanga akuti ndalakwa. Ndaphonya pati?"

Achemwali, mnzanuyo akunena zoona, koma simunapite kutali. LCM munaipeza bwino, pamwamba munachulukitsa bwino, ndipo mwaphonya malo amodzi okha: 1 uja ali pansiyo munamulumpha. Ndifika pamenepo, koma ndiloleni ndiyambe ndi samu ya manambala okhaokha, chifukwa mukaona chimene LCM imachita pa manambala, simudzamulumphanso 1 ameneyu.

Titenge iyi: pamwamba 1/2 + 2/3, pansi 5/6 − 1/4. Muli timafulakishoni tinayi, ndipo manambala a pansi pa timeneti ndi 2, 3, 6 ndi 4. Nambala yaing'ono kwambiri imene onsewa amalowamo popanda chotsala ndi 12. Tsopano ganizani za chaka, poti chili ndi miyezi 12. Theka la chaka ndi miyezi 6, ndipo 2/3 ya chaka ndi miyezi 8, ndiye pamwamba pali miyezi 14. Pansi napo, 5/6 ya chaka ndi miyezi 10, kota ya chaka ndi miyezi 3, kuchotsera patsala miyezi 7. Funso lija lasanduka lakuti: miyezi 7 ilowa kangati m'miyezi 14? Kawiri. Ansala ndi 2.

Kuchulukitsa ndi LCM ndi kumeneku basi. Tasiya kuwerenga m'zaka, tayamba kuwerenga m'miyezi, ndipo timafulakishoni tonse tasanduka manambala athunthu. Papepala zimaoneka chonchi:

(12 × 1/2 + 12 × 2/3) / (12 × 5/6 − 12 × 1/4) = (6 + 8) / (10 − 3) = 14/7 = 2

Taonani kuti 12 walembedwa kanayi, kamodzi pa kachidutswa kalikonse. Chimene chimatilola kuchita zimenezi n'chakuti tachulukitsa fulakishoni yaikuluyo ndi 12/12, amene ndi 1, choncho kukula kwake sikunasinthe. Koma kuti akhaledi 12/12, pamwamba ponse ndi pansi ponse payenera kulandira 12. Tiyerekeze kuti pansi pakanakhala 1 − 1/4. Chaka chimodzicho chikanayenera kusanduka miyezi 12. Mukachisiya chili 1, ndiye kuti mukuchotsa miyezi 3 pa mwezi umodzi, pamene funso likunena za chaka chathunthu. Izi ndi zimene zachitika mu samu yanu.

Tiyeni tiitenge pang'onopang'ono. Manambala a pansi a timafulakishoni ta m'kati ndi x, 3 ndi x². Uja 1 alibe vuto pa kusankha LCM, chifukwa pansi pake pali 1. Popeza x amalowa kale mu x², sitimuwerenga kawiri, ndiye LCM ndi 3x². Ine ndimauza ana anga m'kalasi kuti asanalembe chilichonse awerenge zidutswa ndi chala: chimodzi, ziwiri pamwamba, zitatu, zinayi pansi. Zidutswa zinayi, ndiye 3x² aoneke kanayi. Akaoneka katatu, china chasiyidwa.

3x² × 1/x = 3x
3x² × 1/3 = x²
3x² × 1 = 3x²
3x² × 9/x² = 27

Choncho tili ndi (3x − x²) / (3x² − 27). Inu munalemba 1 − 27 pansi, n'kupeza −26. Chimachititsa anthu ambiri kulakwa apa n'chakuti maso amathamangira pamene pali chokansela. Pa 9/x² pali x² woti afe, dzanja limasangalala. Pa 1 palibe choti chife, ndiye munthu amangomukopera mmene alili.

Mafulakishoni a m'kati atha, koma samu sinathe. Panopa mpofunika kufakitoraiza. Pamwamba onse awiri ali ndi x, ndiye 3x − x² = x(3 − x). Pansi titulutse 3 kaye, tipeza 3(x² − 9), ndipo x² − 9 ndi sikweya kuchotsa sikweya inzake, ija ya a² − b² = (a − b)(a + b). Pansi pakhala 3(x − 3)(x + 3).

Apa pali msampha wachiwiri. Pamwamba pali (3 − x), pansi pali (x − 3). Akufanana nkhope koma si amodzi. Ikani x = 5 muone: woyamba akupereka −2, wachiwiri 2. Ndiye 3 − x ndi chimodzimodzi −(x − 3). Mukakansela awiriwa pamatsala −1, osati 1. Ndi bwino kulemba mzere umenewu poyera m'malo mongodula ndi cholembera:

−x(x − 3) / [3(x − 3)(x + 3)] = −x / [3(x + 3)]

Imeneyo ndiye ansala. Mabulaketi a pansiwo mukhoza kuwasiya momwemo, kapena kulemba 3x + 9, zonse n'zofanana.

Ndipemphenso chinthu chimodzi: musamakansele musanafakitoraize. Ndaonapo kambirimbiri mwana atafika pa (3x − x²) / (3x² − 27) n'kudula x² wa pamwamba ndi x² wa pansi. Sizitheka, chifukwa x² wa pamwambayo akuchotseredwa, sakuchulukitsa pamwamba ponse. Chimene chimakanselidwa ndi chokhacho chimene chikuchulukitsa mbali yonse.

Nanga mukanadziwa bwanji nokha kuti −26 ndi wolakwa, popanda mnzanu? Sankhani nambala yosavuta, muiike mu funso loyambirira, kenako mu ansala yanu. Titenge x = 2. Pamwamba 1/2 − 1/3 = 1/6. Pansi 1 − 9/4 = −5/4. Kugawa, 1/6 × (−4/5) = −4/30, amene ndi −2/15. Mu ansala yathu, −2 / (3 × 5) = −2/15. Zagwirizana. Mu yanu ija, (6 − 4)/(−26) = −1/13. Sizikugwirizana, ndipo mphindi imodzi yokha ikanakuuzani zimenezi. Ine sindikonda kuyesera ndi x = 1, chifukwa pa 1, x ndi x² amapereka chinthu chimodzi, ndiye ngati munasokoneza awiriwa cholakwacho chimabisala. Pa 2 naponso samalani pang'ono, poti 2x ndi x² onse amapereka 4. Mukakayika yesaninso ndi 4 kapena 5.

Pali kanthu kena kamene njira iyi imabisa. Ansala yathu, −x / [3(x + 3)], ikungoonetsa kuti x sangakhale −3. Mukaikamo x = 0 ikupatsani 0 mwaulemu, mukaikamo x = 3 ikupatsani −1/6. Koma bwererani ku funso. Pa x = 0 pali 1/0, chinthu chosatheka. Pa x = 3 pansi pakhala 1 − 9/9, amene ndi ziro, ndipo sitigawa ndi ziro. Ndiye manambala oletsedwa ndi atatu: 0, 3 ndi −3. Ziro anasowa pamene tinachulukitsa ndi 3x², ndipo 3 anasowa pamene tinakansela (x − 3). Ngati funso likufunsa manambala amene x sangakhale, muziwatola musanakansele: yang'anani pansi pa kafulakishoni kalikonse ka m'kati, kenako pansi pa fulakishoni yaikulu mutafakitoraiza.

Popeza mwafunsa, ndikuonetseni ina imene imagwetsa anthu mwanjira yosiyana. Pamwamba 1/(x + 1) − 1/x, pansi 1/x. Ambiri amati LCM ndi x + 1, poganiza kuti x ali kale m'menemo. Ayi. Mu x² muja x analowa chifukwa x² ndi x × x. Koma x + 1 ndi kuphatikiza, ndipo x salowamo, monga mmene 4 salowera mu 5. LCM ndi x(x + 1). Pochulukitsa, kachidutswa koyamba kapereka x, kachiwiri kapereka (x + 1), ndipo ka pansi kapereka (x + 1). Pamwamba ndiye pakhala x − (x + 1), ndi mabulaketi ake. Mainasi ija ikugwira onse awiri, choncho x − x − 1 = −1. Ansala ndi −1/(x + 1). Wosiya mabulaketi amalemba x − x + 1 n'kupeza 1, samu yonse yolondola kupatula chizindikiro. Yesani ndi x = 2: 1/3 − 1/2 = −1/6, kugawa ndi 1/2 tipeza −1/3, ndipo −1/(2 + 1) ndi −1/3 yemweyo.

Mwina mungafunse ngati n'kofunikadi kuti ikhale LCM yeniyeni. Nambala iliyonse imene manambala a pansi onse amalowamo imagwira ntchito. Mu samu yoyamba ija mukanangochulukitsa 2 × 3 × 6 × 4 = 144, mukanapeza (72 + 96)/(120 − 36) = 168/84, amene ndi 2 yemweyo. Vuto ndi katundu amene mwadzisenzetsa. Pa manambala n'zopiririka, koma pa aljebura mukatenga 3x³ m'malo mwa 3x² mudzakhala ndi x wowonjezera paliponse woti mumuchotsenso kumapeto, ndipo m'pamene zolakwa zimalowera.

Si nthawi zonse pamene ndimagwiritsa ntchito njira imeneyi. Ngati pamwamba pali fulakishoni imodzi yokha ndipo pansi imodzi yokha, monga 3/4 pamwamba pa 5/8, ingotembenuzani ya pansiyo muchulukitse: 3/4 × 8/5 = 6/5. LCM imaonetsa mphamvu yake pamene pali kuphatikiza kapena kuchotsera, chifukwa imakupulumutsani kuphatikiza pamwamba paokha, pansi paokha, kenako n'kutembenuza.

Ndipo mukakumana ndi yosanjikizana katatu, ngati 1/(1 + 1/(1 + 1/x)), musayese kupeza LCM imodzi ya zonse nthawi imodzi. Yambani ndi ya m'kati mwenimweni. Tengani 1/(1 + 1/x), muchulukitse pamwamba ndi pansi ndi x, mupeza x/(x + 1). Tsopano samu yakhala 1/(1 + x/(x + 1)). Chulukitsaninso, ulendo uno ndi (x + 1), zidutswa zonse zitatu: pamwamba pakhala x + 1, pansi (x + 1) + x. Ansala ndi (x + 1)/(2x + 1).

Yesani iyi usiku uno mutumize zimene mwapeza: pamwamba 2 − 1/y, pansi 4 − 1/y². Muli manambala awiri athunthu, 2 ndi 4, ndiye ndiona ngati y² wawafikira onse. Mundilemberenso manambala atatu amene y sangakhale.