Shuga wa amayi oyembekezera: zoyenera kulemba m'kope lanu

Funso: Adokotala, ndili ndi pakati pa masabata 29 ndipo andipeza ndi shuga. Ndimadziyeza kanayi pa tsiku, koma ndikadya m'mawa kamakina kamaonetsa 8.6, mwina 9. Chifukwa cha mantha ndasiya mpunga ndi buledi, moti ndikungokhalira njala. Anamwino akuti kope langa silikuwathandiza poti muli manambala okhaokha. Ndizilembamo chiyani?

Yankho: Mayi, yambani ndi tsamba loyamba. Lembanipo malire atatu awa kuti muziwaona tsiku lililonse: mukangodzuka musanalawe kanthu, shuga asafike 5.3 mmol/L, patatha ola limodzi chiyambire kudya, asafike 7.8, ngati mumayeza patatha maola awiri, asafike 6.7. Zipatala zina zimaika 6.4 pa maola awiriwo, ndiye tsatirani omwe anakupatsani kwanuko. Makina ena amalemba mg/dL, ndipo malire omwewa amakhala 95, 140 ndi 120.

Anamwinowo sakukuvutitsani dala. Ine ndikaona 8.6 yekha sindidziwa ngati ndi wa ola limodzi kapena maola awiri, kaya munadya chiyani. Mzere wabwino umamveka chonchi: 7 koloko, magawo atatu a buledi woyera, tiyi wamkaka wothira masupuni awiri a shuga, nthochi imodzi, 8 koloko, 8.6. Pamenepo mlandu waoneka. Gawo limodzi la buledi lili ndi magalamu pafupifupi 15 a makabohaidireti, zakudya zomwe thupi limasandutsa shuga. Magawo atatu ndi 45. Kuphatikiza nthochi, mkaka ndi shuga wa m'tiyi, mwadutsa 70 pa chakudya chimodzi, komanso m'mawa, nthawi imene thupi la mayi woyembekezera limamva insulini, homoni yomwe imatsitsa shuga m'magazi, movutikira kwambiri chifukwa cha mahomoni ena. N'chifukwa chake mbale yomwe singakuvuteni masana imakweza shuga kum'mawa.

Mawa lake musinthe chinthu chooneka: gawo limodzi kapena awiri a buledi wa tirigu wosapuntha, mazira awiri, tiyi wopanda shuga. Nthochiyo musaitaye, idyeni cha m'ma 10 koloko. Mukayeza n'kupeza 7.1, mwadziwa chimene thupi lanu likulola, ndipo ifenso tadziwa.

Zakumwa muzilembanso. Ambiri amene ndimawaona amalemba bwino za m'mbale koma kuiwala kapu ya madzi a zipatso yomwe anamwa ataima, poganiza kuti si chakudya. Muyeso nawonso ukhale womveka. “Mpunga pang'ono” sanditanthauzira kanthu, chifukwa pang'ono panu si pang'ono panga. Sankhani kapu imodzi ya m'nyumba muziyezera yomweyo. Kapu ya mamililita 250 ya mpunga wophika ili ndi magalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo musanabaye chala, sambani ndi kupukuta m'manja. Chala chimene changosenda lalanje chimanamiza makina.

Tsono za njalayo, apa ndiye ndikutsutsani. Mayi woyembekezera amafunika magalamu osachepera 175 a makabohaidireti pa tsiku, ngakhale ali ndi shuga. Mukawasiyiratu, manambala amaoneka okongola, koma thupi limayamba kuwotcha mafuta n'kutulutsa makitoni, omwe timawapeza poyeza mkodzo. Sikelo ikayamba kutsika, mukumva chizungulire, kapena mukugona ndi njala, dziwani kuti mwachepetsa mopitirira. Chofunika ndi kugawa: zakudya zitatu zikuluzikulu ndi tina tiwiri kapena titatu pakati, cham'mawa chikhale chochepa makabohaidireti kuposa chamasana ndi chamadzulo. Pa mbale, theka likhale ndiwo zamasamba, kotala nyama, nsomba, mazira kapena nyemba, kotala yotsalayo mpunga kapena mbatata. Kuyenda mphindi 10 mpaka 15 mukatha kudya kumatsitsa nambala ya ola limodzi ija, choncho mukayenda lembaninso.

Nambala yongodzuka nayo ili ndi khalidwe lake. Imachokera kwambiri ku shuga amene chiwindi chimatulutsa usiku, ndiye kudzimana chakudya sikuitsitsa kwenikweni. Ikamapitirira 5.3 masiku angapo, kapena ya pambuyo pa chakudya ikukanabe kutsika patatha sabata imodzi kapena awiri mukudya mwa dongosolo, timaonjezera mankhwala otsitsa shuga, mapiritsi a metifomini kapena jakisoni wa insulini. Sikuti mwalephera ayi. Mahomoni a nsengwa amangowonjezereka pamene mimba ikukula. Nambala iliyonse yodutsa malire muziizunguliza ndi cholembera, ndipo musafufute ngakhale imodzi pobwera kusikelo, chifukwa mlingo wa mankhwala timauwerengera pa zomwezo.