Chiwaya cha pa Nchalo: mbale zingati patsiku?

"Ndikufuna kutsegula chiwaya m'mbali mwa msewu pa Nchalo. Ndizigulitsa mbale zingati za tchipisi patsiku kuti mpamba usamadyeke?"

Achimwene, yankho lili mu ndowa ya mbatatesi. Gulani ndowa imodzi, musende, mukazinge, kenako muwerenge mbale zomwe zatulukamo pa muyezo womwe muzigulitsira. Musadalire nambala ya mnzanu, chifukwa dzanja la aliyense limapakula mosiyana.

Mitengo ikusintha sabata ndi sabata, ndiye yanga ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya lero. Tinene kuti ndowa mwaigula K30,000 kuphatikizapo thiransipoti yotsikira nayo kuchokera ku Blantyre, ndipo yatulutsa mbale 40. Ndiye kuti mbale iliyonse yadya K750 ya mbatatesi. Mafuta werengani omwe atha, osati omwe mwathira m'chiwaya. Ngati ndowayo yamwa a K12,000, ndi K300 pa mbale. Kabichi, tomato, mchere, tsabola ndi jumbo tiike K150. Zonse pamodzi K1,200. Mukagulitsa mbale pa K2,000, yotsala m'manja ndi K800.

K800 imeneyo sinakhale phindu ayi. Pali ndalama zomwe zimatuluka ngakhale tsikulo pabwere anthu awiri okha: nkhuni K4,000 poti moto suzima, mnyamata wosenda K3,000, tikiti ya msika K500, madzi K500. Onjezani K4,000 ya inuyo. Ambiri amaidumpha imeneyi, koma madzulo amatapabe m'thumba la bizinesi kugula ndiwo, kenako n'kumadabwa kuti ya ndowa ina sikukwana. Zonsezi ndi K12,000. Gawani K12,000 ndi K800, mupeza 15. Mbale 15 zoyambirira zikungobweza zomwe mwalowetsa, phindu likuyambira pa mbale ya 16.

Tsono kuno kuchigwa chomwe chimasokoneza masamuwa ndi kutentha. Mbatatesi ndi mbewu ya kumtunda kozizira monga ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo mu Okutobala ndi Novembala sichedwa kuwola ikafika kuno. Mukamasula thumba n'kumva kafungo, zina zitafewa zikuchucha madzi, dziwani kuti nambala yasintha. Ndowa ija ikatulutsa mbale 30 zokha, mbatatesi ya mbale imodzi yafika K1,000, yotsala yatsika kufika K550, ndipo mufunika mbale 22 kuti mungobweza. N'chifukwa chake ine ndimati kuli bwino kupikula pang'onopang'ono n'kuziyala pamthunzi podutsa mphepo, kusiyana n'kutengeka ndi thumba lalikulu lotchipa. Basela, zolawitsa ndi zomwe mnyamata amadya masana zimachepetsanso mbale chimodzimodzi. Mbale ya ngongole musaiwerenge mpaka ndalama yake italowa.

Komanso pa Nchalo malonda amatsata malipiro a kukampani ya shuga. Kumapeto kwa mwezi chiwaya chimayaka, pakati pa mwezi kuli zii. Choncho muziwerenga pa sabata: ngati mumatsegula masiku 6, mufunika mbale 90. Lembani m'kope madzulo aliwonse, ndipo sabata yoyesera bizinesiyi ikhale ya pakati pa mwezi.