Akaunti ya shopu ikumatsekedwa tikalowa anthu angapo

"Abale, tili ndi shopu ya mpunga ndi usipa pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Akaunti yake ya Fesibuku timalowa anthu atatu: ine, mwana wanga ku Lilongwe ndi achimwene ku Joni. Yatsekedwanso, akuti titsimikize kuti ndife eni ake. Titani?"

Pepani mayi. Makina a Fesibuku sadziwa kuti ndinu apachibale. Amangoona pasiwedi imodzi ikulowa m'mawa ku Salima, masana pa foni ina ku Lilongwe, usiku kuchokera kudziko lina. Akaunti ikabedwa zimaonekanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake amayamba aitseka. Kulowa kwa achimwene ku Joniko ndiye kumawakayikitsa kwambiri, makamaka ngati anayamba aphonya pasiwedi kangapo.

Pakadali pano enawo asiye kuyesa. Lowani inuyo nokha, pa foni imene mumagwiritsa ntchito masiku onse, chifukwa imeneyo amaidziwa kale. Khodi imapita ku nambala kapena imelo imene munalembetsa, ndiye funsani kaye kuti simu imeneyo ili ndi ndani.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwina imeneyi ndi akaunti ya munthu yongopatsidwa dzina la shopu. Malamulo awo amafuna akaunti ikhale ya munthu mmodzi, m'dzina lake lenileni. Tsiku limene adzapemphe chitupa, dzina la pa chitupa chanu cha unzika silidzafanana ndi la shopu, ndipo ikhoza kupita yonse, makasitomala ndi zithunzi zomwe.

Tsegulani peji ya shopu kudzera pa akaunti yanuyanu. Pa pejipo pitani ku Settings, mupeze Page access, mudine Add New, n'kusankha dzina la mwana wanuyo. Iye azilowa ndi akaunti yake ndi pasiwedi yake, koma akaika chithunzi cha mpunga wa ku Lifuwu kapena kuyankha kasitomala, anthu aziona dzina la shopu. Achimwene nawonso chimodzimodzi. Pamenepa samalani ndi mawu akuti full control: amene mwamupatsa zimenezi akhoza kukuchotsani inu mwini kapena kufufuta pejiyo. Ine ndingampatse munthu mmodzi yekha wokhulupirika, kuti akaunti yanu itatsekedwa shopu isatsekedwe nayo. Woyankha mauthenga chabe sakufunika mphamvu zonsezo.

Ngati maoda amabwera pa Watsapu, musamapatsane khodi kuti wina alembetse nambalayo pa foni yake, chifukwa akatero inu mumatulutsidwa. Pali Linked devices, mumalumikiza zipangizo zina mpaka 4. Koma foni yaikuluyo ikakhala masiku oposa 14 osagwiritsidwa ntchito, zinazo zimatuluka zokha.

Mukatsegula peji, mauthenga azibwera akuti "peji yanu itsekedwa, dinani apa". Amenewo ndi akuba. Kutseka kwenikweni mumakuona pamene mukulowa, sikubwera ngati uthenga wa munthu wachilendo wokupemphani pasiwedi kapena khodi.