Kalata yothokoza mudzi imalembedwera khutu

"Zikomo akulu. Ndine mtsikana wophunzira pa yunivesite. Mu Febuluwale ndinayeza madzi m'midzi itatu ya ku Machinga: mijigo inayi, zitsime ziwiri, ndi ndowa zosungira madzi akumwa m'makomo 60. Mijigo yonse inatuluka bwino, koma zitsime zonse ziwiri ndi ndowa 37 zinapezeka ndi tizilombo ta ikolayi, tomwe timachokera m'zonyansa za m'mimba mwa munthu kapena nyama. Ndikufuna kulemba kalata yothokoza anthuwo ndi kuwauza zomwe ndapeza, koma ndikangoyamba imamveka ngati lipoti, mwinanso ngati ndikuwanena kuti ndi auve. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, musanagwire cholembera, ganizani kaye za njira yomwe kalatayo idzalowere m'makutu mwa anthu. Sikuti aliyense adzaiwerenga payekha pakhonde. Adzaiwerenga mokweza ndi mlembi wa amfumu kapena mlangizi wa zaumoyo, pabwalo, mwina kumapeto kwa msonkhano wina, ana akulira ndipo anthu akufuna kubalalika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ku Machinga onjezeranipo zoti agogo ambiri adzaimva bwino wina akaimasulira m'Chiyao pomwepo. Ndiye chiganizo chokhala ndi michira itatu chidzafera panjira. Lembani tsamba limodzi, muliwerenge mokweza kwa munthu amene sanaphunzire zimene mwaphunzira inu, kenako mumufunse kuti wamva chiyani. Zimene angakubwezereni ndiye kalata yanu yeniyeni.

Manambala nawonso ayenera kudutsa m'khutu. Makomo 37 mwa 60 ndi pafupifupi 62 peresenti, koma mawu oti peresenti asiyeni m'buku lanu la kusukulu. Nenani kuti pa makomo khumi aliwonse, asanu ndi limodzi. Wowerenga akhoza kuyala miyala khumi pansi n'kupatula isanu ndi umodzi, ndipo nkhani yatha.

Tsopano pamene pagona vuto lanu. Mumzinda, lipoti likati "makomo ena", palibe amene amadziwa makomowo. Kumudzi chiganizo chilichonse chimapeza mwini wake. Anthu anakuonani mukuyenda ndi bokosi lanu loziziritsira timabotolo, ndipo akudziwa khomo lililonse lomwe munalowa. Tinene kuti m'mudzi umodzi munayendera makomo 20 ndipo 17 anapezeka ndi tizilombo. Mukalemba zimenezo, mwatchula anthu mayina osawatchula, chifukwa aliyense adzangoyang'ana amayi aja anakupatsani mpando. Choncho phatikizani midzi itatu yonse m'nambala imodzi, ndipo musaike midziyo pampikisano woti uwu ndiye waukhondo kuposa uwu. Amfumu a mudzi womwe wakhala kumapeto sadzakukhululukirani, ndipo wofufuza amene adzabwere pambuyo panu adzapeza zitseko zotseka. Khomo lofuna kudziwa za ndowa yake liuzidwe palokha, kumbali.

Palinso funso loti mlandu ukugwera ndani. Otunga madzi ndi amayi ndi atsikana. Mukalemba kuti "amayi sakusamala madzi", abambo ena adzabwerera nawo mawuwo kunyumba ngati chikwapu. Chonsecho zimene mwapezazo zimachitika m'maiko ambiri: madzi amachoka pamjigo ali abwino n'kuipira panjira kapena m'nyumba. Zala zimalowa m'ndowa poisenza, masamba amaikidwa pamwamba kuti madzi asakhavukire, mwana amamwera kapu n'kuiviikanso, ndipo bambo akachoka kumunda amatunga ndi kapu yomweyo osasamba m'manja. M'kalatamo, wochita chinthu akhale madzi ndi kapu, osati munthu. "Tizilombo timalowa m'madzi kudzera m'zala ndi m'kapu yomwe timamwera tonse." Mwaona mawu oti tonse? Ndi oona, ndipo amachotsa chala pamphumi pa mayi mmodzi.

Zitsime ndi nkhani ina. Chitsime chomwe anthu akumwabe simungachibise dzina, chifukwa kubisako n'kusiya ana akumwa madzi omwe inu mukudziwa kuti ndi oipa. Koma chitsime chimakhala ndi mwini. Ine ndinapsa nazo zimenezi ndili wachinyamata, nditalembedwa ganyu yofunsa mafunso m'midzi. Tinalengeza pabwalo kuti chitsime cha kudambo chili ndi tizilombo, osadziwa kuti anakumba ndi mkulu wina amene ankakangana ndi abale ake pa nkhani ya malire. Pofika madzulo mphekesera inali yoti alendo atsimikiza kuti mkuluyo anathiramo mankhwala. Tikanayamba tapita kwa iye ndi kwa amfumu dzulo lake, n'kufotokoza kuti mvula imakokolera zonyansa m'chitsime chilichonse chosamangira ndi chosavindikira, akanaimirira yekha pabwalo kuuza anthu kuti aziwiritsa madzi. Ndiye mawu oti mankhwala ndi poizoni muwapewe, ndipo eni zitsime amve kaye kwa inu asanamve pagulu.

Pano ndikudzudzuleni pang'ono. Ngati zotsatira za zitsimezo munazidziwa mu Febuluwale momwemo, paja mayeso amenewa amatuluka pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, sizinayenera kudikira kalata. Ngati simunauze mlangizi wa zaumoyo wa deralo, imbani foni lero.

Muyeneranso kunena chimene mayeso anu akutanthauza ndi chimene sakutanthauza. Muyezo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse ndi woti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ikolayi ngakhale kamodzi. Akapezeka, ndi chizindikiro choti zonyansa za m'mimba mwa munthu kapena nyama zafika m'madzimo. Si umboni woti muli kolera. Mfundo imeneyi ilembeni poyera, chifukwa mliri wa kolera womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unayambira ku Machinga komweko mu Malichi 2022, ndipo anthu akangomva zoti tizilombo, maganizo adzathamangira kumeneko. Si umboninso woti mwana wa uje anamwalira chifukwa cha ndowa ya amayi ake. Mbali inayo, musalembe kuti mijigo ndi yabwino basi. Munayeza kamodzi, m'nyengo ya dzinja, ndipo munayeza tizilombo tokha, osati mchere kapena zina za m'nthaka. Mjigo wabwino lero ukhoza kuipa simenti yake ikang'ambika kapena wina akakumba chimbudzi pafupi.

Ndikanakhala inu ndikanalemba chonchi:

"Kwa a Gulupu, mafumu, komiti za mijigo ndi anthu nonse a m'midzi itatu yomwe tinayendera. Zikomo kwambiri. Mu Febuluwale, nthawi yomwe ntchito ya kumunda inali pakhosi, munatilandira m'makomo mwanu, munatilola kutunga madzi m'ndowa zanu ndipo munayankha mafunso athu. Tinalonjeza kudzakuuzani zomwe tapeza, ndipo ndi izi.

"Madzi a m'mijigo yonse inayi analibe tizilombo pa tsiku lomwe tinayeza. Komiti za mijigo zikugwira ntchito yabwino. Madzi a m'zitsime ziwiri zija anali ndi tizilombo tochokera ku zonyansa za anthu kapena ziweto, tomwe timasonyeza kuti madziwo akhoza kutsegula m'mimba. Musamwe madzi amenewa osawiritsa kapena osathira kolorini. Tinapezanso kuti pa makomo khumi aliwonse, asanu ndi limodzi anali ndi tizilombo m'madzi osungidwa m'nyumba, ngakhale ena mwa madziwo anachokera pamjigo. Tizilombo timalowa kudzera m'zala ndi m'kapu yomwe timamwera tonse. Zimenezi zimachitika m'madera ambiri, osati kwanu kokha.

"Sitinayeze kolera, ndipo sitikunena kuti matenda a munthu wina aliyense anachokera m'madziwa. Chomwe chingathandize ndi kuvindikira ndowa, kukhala ndi kapu yotungira yosiyana ndi yomwera, ndi kuthira kolorini monga momwe alangizi a zaumoyo amafotokozera, n'kudikira mphindi 30 musanamwe.

"Ife ndi ophunzira, tilibe ndalama zokumbira mjigo kapena kugawa ndowa. Zomwe tapezazi tazipereka ku ofesi ya zaumoyo ndi ya zamadzi kuboma. Palibe dzina la munthu lomwe talemba paliponse. Timabotolo ta madzi tija tinataya titamaliza kuyeza."

Taonani kuti nkhani yabwino ndaiika patsogolo, osati pofuna kunyengerera, koma chifukwa ndi yoona ndipo ndiyo imafotokoza zinazo. Taonaninso kuti kuthokozako kukutchula zinthu zenizeni zomwe anthu anataya: nthawi ya kumunda, ndi ulemu wolola mlendo kusuzumira m'ndowa. Mawu oti "tikuthokoza chifukwa cha mgwirizano wanu" ndi a m'maofesi, sakhudza aliyense.

Ndime yomalizayo ophunzira ambiri amaidumpha chifukwa imachititsa manyazi. Koma mukapanda kunena kuti mjigo simubweretsa, anthu adzamva okha kuti ukubwera. Chaka chikatha adzati mtsikana uja anadya ndalama zathu, kapenanso choipa kuposa apo, adzati amfumu ndiwo anadya. Ndipo musalembe kuti mwapereka zotsatira kuboma musanakaperekedi. Za timabotolo musaziseke. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, zomwe zinaphetsa anthu, akudziwa mmene chinthu chotengedwa pakhomo ndi mlendo chimaberekera nkhani. Inu munatenga madzi chabe, osati magazi, komabe chiganizo chimodzi chonena komwe anathera sichikudyerani kanthu.

Kalatayo isanapite, aione amene akukuyang'anirani pa kafukufukuyu. Yang'ananinso pepala la chilolezo lomwe anthu anasainira kapena kudindapo chala, kuti muone zomwe munalonjeza pa nkhani ya chinsinsi ndi ya zotsatira za khomo lililonse. Ngati munadzera ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga NHSRC kapena COMREC, afunseni ngati akufuna kuiona kaye. Si mwambo wa kuno kokha. Chikalata cha ku Helsinki, chomwe chinalembedwa koyamba mu 1964 n'kumakonzedwa m'zaka zotsatira, chimati otenga nawo mbali pa kafukufuku wa zaumoyo apatsidwe mwayi womva zotsatira zake.

Kenako itsateni njira yomwe munalowera. Munayamba kuboma, kenako kwa a T/A, kwa a Gulupu, kwa a nyakwawa, ndiye kalata idzere momwemo. Mfumu ikamva zotsatira koyamba pabwalo limodzi ndi anthu ake imaona ngati mwaivula pagulu. Ngati ndalama ya basi ilipo, pitani nokha mukaimirire pamene ikuwerengedwa, ndipo pemphani mlangizi wa zaumoyo abwere ndi kolorini kuti aonetse muyezo wake pa ndowa yeniyeni. Musasankhe tsiku la msika, ndipo poti ambiri kumeneko ndi Asilamu, pewani Lachisanu masana. Sindikizani makope okwanira mfumu iliyonse, komiti iliyonse ya mjigo ndi chipatala chapafupi. Pansi pake lembani nambala ya foni yomwe mudzakhale mukuiyankhabe mukamaliza sukulu, chifukwa mafunso enieni amabwera patatha sabata, mayi wina atakhala payekha n'kuyamba kuganiza za ndowa yake.